Ma a_n onse akufa kupatula a2: ndalakwitsa pati pa y' = 2xy?

Namzeze_07

Moni nonse. Ndakhala pa funso ili kuyambira madzulo ndipo mutu waima. Tapatsidwa y' = 2xy, y(0) = 1, akuti tipeze yankho pogwiritsa ntchito pawa sirizi. Ndayamba monga tinaphunzirira:

y = Σ a_n x^n, n kuyambira 0

y' = Σ n a_n x^(n-1)

2xy = Σ 2 a_n x^(n+1)

Poti mbali ziwirizi n'zofanana, ndafananitsa zomwe zili kutsogolo kwa x, ndapeza n a_n = 2 a_n, ndiye kuti (n - 2) a_n = 0. Apa aliyense akukhala ziro kupatula a2, yankho n'kutuluka y = a2 x^2. Koma limeneli pa x = 0 likupereka 0, osati 1. Ndaliyesanso mu ikweshoni: x^2 kumanzere akupereka 2x, kumanja 2x^3. Sizikugwirizana n'komwe. Rikarensi imene amainenayo ine sindikuiona. Ndithandizeni chonde.

Bongololo

Mukuvutikiranji achemwali? dy/y = 2x dx, ln y = x^2 + C, ndiye y = e^(x^2). Mizere itatu basi, kagoneni.

Namzeze_07

Zikomo achimwene, njira imeneyo ndikuidziwa. Koma funso lachita kunena kuti pawa sirizi. Ndikalemba zanuzo malikisi sindiwaona.

Tsokonombwe

Vuto lanu ndalipeza. Mwafananitsa matemu chifukwa choti onse ali ndi n yemweyo, pomwe mumayenera kufananitsa omwe ali ndi pawa imodzi ya x. Taonani: kumanzere n = 3 akupereka x^2, kumanja n = 3 akupereka x^4. Amenewo sangafananitsidwe. Muyenera kusuntha indekisi kaye kuti mbali zonse zikhale pa x^(n+1). Kumanzere, paliponse pali n ikanipo n + 2, mupeza Σ (n+2) a_(n+2) x^(n+1). Tsopano mapawa agwirizana, ndipo

(n+2) a_(n+2) = 2 a_n

Rikarensi yanu ndi imeneyo. Imadumpha awiriawiri, choncho a0 amabala a2, a4, a6, ndipo a1 amabala a3, a5, a7. a0 ndi a1 mumasankha nokha, monga zimakhalira pa y'' + y = 0.

Namzeze_07

Eya, zosunthazo ndazimva, zikomo kwambiri. Ndi a0 = 1 ndapeza a2 = 1, a4 = 1/2, a6 = 1/6. Nanga a1 ndimutenga kuti? Funso langopereka y(0) = 1 yekha.

Tsokonombwe

Mwina alekichara anaiwala kulemba y'(0). Zimachitika. Musiyeni a1 monga alili, mulembe y = a0(...) + a1(...).

AgogoAChoko

A Tsokonombwe, theka loyamba mwalasa, koma lachiwirilo lingawalephereretse a Namzeze. Alekichara sanaiwale kanthu. Ikweshoni iyi ili ndi derivetivi yoyamba yokha, ndiye konsitanti yomasuka iyenera kukhala imodzi. Mukapezeka muli ndi ziwiri, dziwani kuti penapake pagwa chinthu m'njira.

Tiyeni tisiye sigima pambali kaye, tilembe matemu mmodzimmodzi, poti chimene chagwacho chimabisala mu sigimamo.

y = a0 + a1 x + a2 x^2 + a3 x^3 + a4 x^4 + ...

y' = a1 + 2 a2 x + 3 a3 x^2 + 4 a4 x^3 + ...

2xy = 2 a0 x + 2 a1 x^2 + 2 a2 x^3 + ...

Yang'anani mizere iwiri yomalizayo. Wa y' ukuyamba ndi a1, nambala yopanda x. Wa 2xy ukuyambira pa x, chifukwa chilichonse m'menemo chachulukitsidwa ndi x. Choncho a1 alibe mnzake kumanja. Mnzake ndi ziro, ndipo kufananitsa koyamba penipeni ndi a1 = 0. Kenako pa x timapeza 2 a2 = 2 a0, pa x^2 timapeza 3 a3 = 2 a1, pa x^3 timapeza 4 a4 = 2 a2. Rikarensi ya a Tsokonombwe ikuyambira pa x kupita m'tsogolo, ndipo pamenepo ndi yoona.

Chinachitika n'chiyani posuntha paja? Sigima ya y' imayambira pa n = 1. Mukaika n + 2 pamalo pa n, poyambira pamasunthanso, pamakhala n = -1. Inu munasuntha zam'kati, koma kanambala ka pansi pa sigima munakasiya pa 0, ndipo temu ya n = -1, yomwe ndi a1 yemweyo, inatsala panja. Kanambala kameneko anthu amakalemba mothamanga kapena osakalemba n'komwe. Zaka zonse zimene ndinachonga mayeso, cholakwika ichi sichinasowepo.

a1 akakhala ziro, a3 = 2 a1/3 nayenso ndi ziro, a5 chimodzimodzi, mzere wonse wa manambala osagawika ndi 2 wafa. Otsalawo a Namzeze mwawapeza kale: 1, 1, 1/2, 1/6. Wotsatira ndi a8 = 2 a6/8 = 1/24. Manambala 1, 1, 2, 6, 24 mukuwazindikira? Kuti muone chifukwa chake, lembani n = 2k - 2 mu rikarensi. Mupeza 2k a_(2k) = 2 a_(2k-2), ndiye 2 ndi 2 akufafanizana, kutsala a_(2k) = a_(2k-2)/k. Ulendo uliwonse mukugawa ndi nambala yotsatira: 1, kenako 2, kenako 3. Ndiye kuti a_(2k) = 1/k!, ndipo

y = 1 + x^2 + x^4/2 + x^6/6 + x^8/24 + ...

Iyi ndi sirizi ya e^u pamene u = x^2. Mwafika pomwe anafika a Bongololo, koma kudzera njira imene funso likufuna.

Tsokonombwe

Ndagonja agogo. Ndinazolowera y'' + y = 0, kumene a0 ndi a1 amakhaladi omasuka.

AgogoAChoko

Kumeneko n'zoona, chifukwa derivetivi yake ndi yachiwiri ndipo kufananitsa koyamba kumayambira pa a2. Musaloweze zoti "rikarensi ikadumpha awiriawiri, makonsitanti ndi awiri". Kudumphako kukuchokera ku x amene wachulukitsa y, pomwe chiwerengero cha makonsitanti chikuchokera ku derivetivi yaikulu. Ndi nkhani ziwiri zosiyana.

Namzeze_07

Maso atseguka tsopano. Komanso ndangoona kuti ndikanatha kuika x = 0 mu ikweshoni yoyamba ija: y'(0) = 2(0)(1) = 0, ndipo y'(0) ndi a1.

Kadzidzi

Ndendende. Ndipo chizolowezi chimenecho musachitaye. Musanayambe n'komwe masigima, ikani x = 0, mudziwiretu a1 woyenera kutuluka.

Bongololo

Mwaona? Tsamba lathunthu kuti mupeze chomwe ine ndinapeza ndi mizere itatu. Ine njira imeneyi ndimaiona ngati chilango chabe.

Mlendo_wa_usiku

Pepani kulowerera. Ine chimene sindinachimvetsepo ndi "kufananitsa" kwenikweniko. 1 + 4 n'chimodzimodzi ndi 2 + 3, koma 1 si 2 ndipo 4 si 3. Nanga pano tikunena bwanji kuti poti zophatikiza ziwiri n'zofanana, ndiye temu iliyonse ifanane ndi inzake? Aliyense amangochita, palibe amafotokoza.

Bongololo

Ndi lamulo basi amwene, loweza.

Kadzidzi

Ayi, funso limeneli ndi labwino, lisakankhidwe choncho. Kukanakhala kuti mbali ziwirizo zikufanana pa x mmodzi yekha, a Mlendo mukanakhala mukulondola. Mwachitsanzo 1 + 4x ndi 2 + 3x amafanana pa x = 1, ndipo makoefishenti awo ndi osiyana. Koma ikweshoni yathu ikufuna kuti zifanane pa x aliyense wozungulira 0, osati pa mmodzi.

Tengani zonse muziike mbali imodzi, mukhale ndi c0 + c1 x + c2 x^2 + ... = 0 pa x aliyense woyandikana ndi 0. Ikani x = 0: zonse zafa kupatula c0, ndiye c0 = 0. Tsopano difarenshiyetani mbali zonse. Kumanja ziro akhalabe ziro, kumanzere mupeza c1 + 2 c2 x + 3 c3 x^2 + ... Ikaninso x = 0, mwapeza c1 = 0. Bwerezani, mupeza 2 c2 = 0, kenako 6 c3 = 0. Palibe koefishenti ingathawe. Pamene pafunika "x aliyense" ndi podifarenshiyeta paja, chifukwa simungadifarenshiyete chinthu chomwe mukuchidziwa pa malo amodzi okha.

Mlendo_wa_usiku

Chabwino, koma mwadifarenshiyeta matemu osatha mmodzimmodzi ngati ndi polinomiyo. Zimenezo n'zololedwa?

Kadzidzi

Pa pawa sirizi n'zololedwa, bola mukhale m'kati mwa dera limene siriziyo imakonveja. Ndi tiyoremu, ndipo umboni wake ndi wautali kuposa zimene ndingalembe pano. Chimene chimasokoneza n'chakuti poyamba timachita zonsezi tisanadziwe ngati ikukonveja. Timangoganiza kuti yankho lamtunduwu lilipo, n'kupeza makoefishenti, kenako n'kubwerera kukatsimikiza. Gawo lomalizalo ambiri amalisiya.

Pa funso la a Namzeze n'kosavuta, ndipo rikarensi yomweyo ndi imene imayankha. Gawani temu ndi inzake ya m'mbuyo: a_(n+2) x^(n+2) kugawa ndi a_n x^n kukupereka 2x^2/(n+2). Kaya x akule bwanji, n akamakwera nambala imeneyi imatsikira ku ziro. Choncho sirizi ikukonveja pa x aliyense. Simufunikanso kudziwa kuti yankho ndi e^(x^2) kuti munene zimenezi.

Namzeze_07

Ndayesa pa kalikuleta ndi x = 0.5. Matemu anayi: 1 + 0.25 + 0.03125 + 0.0026042 = 1.2838542. Ndikadina e^0.25 ikupereka 1.2840254. Zayandikana zedi.

Chiwala_Injiniya

"Ikukonveja pa x aliyense", mawu amenewo anandipweteketsapo ine. Ndinali ndi y' = -2xy, mchimwene wake wa funso lanuli, yankho lake e^(-x^2). Rikarensi ndi yomweyo koma ndi mainasi, ndiye sirizi ndi 1 - x^2 + x^4/2 - x^6/6 + ... Ndinkafuna y pa x = 3. Ndinati matemu asanu akwana, monga achitira a Namzeze pamwambapa. Ndinapeza 1 - 9 + 40.5 - 121.5 + 273.375 = 184.375. Yankho lenileni ndi 0.000123. Ndinafufuza mainasi wotayika usiku wonse, chonsecho panalibe cholakwika chilichonse mu rikarensi.

Tsokonombwe

Ndiye kuti pa x = 3 sikukonveja.

Chiwala_Injiniya

Ikukonveja amwene, koma imayamba yakwera phiri. Matemu ake ndi 9^k/k!, ndipo kuchoka pa temu ina kupita pa inzake mumachulukitsa ndi 9/k. k akadali wochepera 9 matemu amangokula, mpaka kufika pa 1067.6 pa k = 8 ndi k = 9. Akatero m'pamene amayamba kutsika, ndipo amatsika mwaulesi: pa k = 30 temu idakali pafupifupi 0.00016, yoposabe yankho lomwe mukulifunalo.

Vuto lina ndi ili. Mukuphatikiza ndi kuchotsa manambala ofika m'ma 1000 kuti patsale 0.0001. Madijiti pafupifupi asanu ndi awiri amathera m'kufafanizanako. Ngati kalikuleta yanu imasunga madijiti khumi, mutsala ndi atatu odalirika, mwinanso osakwana. Chomwe ndinachita pomaliza n'kuwerengera e^9 ndi matemu onse a pulasi, kupeza 8103.08, kenako 1 kugawa ndi nambala imeneyo.

Bongololo

Umboni wina woti sirizi ndi yongovutitsa. Zikomo a Injiniya pondithandiza mlandu.

AgogoAChoko

A Bongololo, tabwerani kuno, ndili ndi kanthu kanu. Mukukumbukira mzere uja wa a1 umene a Tsokonombwe anafuna kuusunga? Tisautaye, tiuone kuti ndi wa ndani. Tengani a0 = 0, a1 = 1, muyendetse rikarensi yomweyo. a3 = 2/3, a5 = (2/5)(2/3) = 4/15, a7 = (2/7)(4/15) = 8/105. Ndiye

y = x + (2/3)x^3 + (4/15)x^5 + (8/105)x^7 + ...

Iikeni mu y' - 2xy. Matemu onse okhala ndi x afafanizana, poti rikarensi ndiyo ntchito yake. Chotsala ndi a1 uja wopanda mnzake, yemwe ndi 1. Choncho sirizi iyi si zinyalala ayi, ndi yankho la funso lina: y' = 2xy + 1, y(0) = 0. Kusiyana kwake ndi la a Namzeze ndi ka "+ 1" kokha. Tsopano tapangani mizere yanu itatu ija.

Bongololo

Kulekanitsa sikutheka apa, koma pali intigiretingi fakita. Kuchulukitsa ndi e^(-x^2), ndiye (y e^(-x^2))' = e^(-x^2). Kenako kuintigireta... dikirani kaye.

Bongololo

Aaa, agogo mwanditchera msampha. ∫ e^(-x^2) dx ija.

AgogoAChoko

Yomweyo. Musataye nayo tulo, palibe kuphatikiza kwa mapolinomiyo, ma sin, ma ln ndi ma e komwe kungaipereke. Si kuti anthu alephera kuipeza, koma zinatsimikizidwa kuti kulibe, kuchokera pa ntchito ya Liouville ya m'zaka za m'ma 1830. Anthu anangoipatsa dzina, erf, ndipo yankho limalembedwa y = (√π/2) e^(x^2) erf(x). Dzina ndi labwino, koma munthu akakufunsani y(1), dzinalo silikupatsani nambala. Sirizi ija ikupatsani: 1 + 0.66667 + 0.26667 + 0.07619 + 0.01693 + 0.00308, pafupifupi 2.0295, pomwe yankho lake ndi 2.0301. Ndipo ntchito yopeza rikarensi sinakule ngakhale pang'ono. Kufananitsa koyamba kokha n'kumene kwasintha, kuchoka pa a1 = 0 kukhala a1 = 1.

N'chifukwa chake amakuyambitsani ndi funso lomwe yankho lake mukulidziwa kale. Akufuna muzitha kudzichonga nokha musanafike kumene kulibe chodzichongera.

Bongololo

Pamenepo ndavomera. Koma pa funso la a Namzeze mizere itatu yanga ikadali mfumu.

Nyerere94

Kodi njira imeneyi si ya Taylor? Ife tinkangodifarenshiyeta ikweshoni mobwerezabwereza n'kumaika x = 0. y'' = 2y + 2xy', ndiye y''(0) = 2, kugawa ndi 2! mwapeza a2 = 1. Rikarensi ndi yachiyaninso?

Kadzidzi

Makoefishenti ake ndi omwewo, poti a_n = y^(n)(0)/n! mulimonse mwadzera. Kwa matemu atatu kapena anayi njira yanuyo ndi yachangu, ndipo ndi yabwino podzichongera. Koma pitirizani mpaka a10 muone mmene dzanja litopere. Chachikulu n'chakuti imakupatsani manambala okha, pomwe rikarensi imakupatsani lamulo la n aliyense, ndipo lamulolo n'limene tagwiritsa ntchito potsimikiza zokonveja zija.

Nyerere94

Ndiye woyambitsa ndi Taylor kapena ayi?

AgogoAChoko

Newton anali akuchita kale zimenezi. Zolemba zake za 1671, zomwe zinadzasindikizidwa mu 1736 iye atamwalira, zili ndi maikweshoni amtunduwu othetsedwa ndi sirizi, temu ndi temu. Za Taylor zinatuluka mu 1715. Sigima panthawiyo kunalibe, anadzaibweretsa ndi Euler pambuyo pake. Mwina n'chifukwa chake Newton sankataya a1.

Chiwala_Injiniya

Agogo mukudana nayo sigima eti.

AgogoAChoko

Sindidana nayo. Koma wophunzira ayambe walemba matemu anayi kapena asanu poyera, awaone ndi maso, kenako sigima ibwere kudzafupikitsa zimene waona kale. Ambiri amayamba ndi sigima, n'kumasuntha zilembo zimene sakudziwa kuti zikuimira chiyani.

Kadzidzi

Apa ndisiyana nanu pang'ono aphunzitsi. Kulemba matemu kuli ndi msampha wakenso: munthu amaona 1, 1, 1/2, 1/6 n'kulumphira pa 1/k! osatsimikiza. Lero walasa, mawa manambala anayi oyamba adzamunamiza. Sigima ikasunthidwa bwino imapereka lamulo la n aliyense nthawi imodzi, popanda kulota. Ine ndimati asunthe indekisi, koma mbali zonse azifikitse pa x^n, ndipo pansi pa sigima iliyonse alembe poyambira. Apa kumanzere kukhala Σ (n+1) a_(n+1) x^n kuyambira n = 0, kumanja Σ 2 a_(n-1) x^n kuyambira n = 1. Wina akuyamba pa 0, wina pa 1, basi waona kale kuti temu ya n = 0 iyenera kutulutsidwa payokha.

AgogoAChoko

Amene amalemba poyambira nthawi zonse ndi angati? Ndinawawerenga, sadzaza benchi imodzi.

Tsokonombwe

Ine mwandiwerengera kale kunja kwa benchiyo.

Chiwala_Injiniya

Kwa amene akufuna kuona makoefishenti ambiri osatopa, izi zimagwira pa Python. Sinthani `a[1]` kukhala `F(1)` ndi `a[0]` kukhala `F(0)` kuti mupeze sirizi ya agogo ija.

```python
from fractions import Fraction as F
a = [F(1), F(0)]
for n in range(10):
    a.append(2*a[n]/(n+2))
print([str(c) for c in a])
```

Koma onani kuti `F(0)` wachiwiriyo ndamulemba ndi dzanja langa. Kompyuta singakuuzeni kuti a1 ndi ziro, imangoyendetsa chomwe mwaipatsa.

Mlendo_wa_usiku

Ndibwererenso ku zokonveja. Ndiye tinganene kuti njirayi nthawi zonse imapereka sirizi yogwira pa x aliyense, kungoti nthawi zina imachedwa monga kwa a Injiniya?

Kadzidzi

Ayi ndithu. Yesani iyi: (1 + x^2) y' = -2xy, y(0) = 1. Kumanzere kuli masigima awiri tsopano, wa y' ndi wa x^2 y'. Mukafikitsa zonse pa x^n mupeza a1 = 0 monga kale, kenako

(n+1) a_(n+1) + (n-1) a_(n-1) = -2 a_(n-1)

Mukasamutsa, kumanja kukhala -(n+1) a_(n-1), ma (n+1) n'kufafanizana, kutsala a_(n+1) = -a_(n-1). Sirizi yake ndi 1 - x^2 + x^4 - x^6 + ..., ndipo yankho lenileni ndi 1/(1 + x^2). Pa x = 2 yankho ndi 1/5, koma sirizi ikupereka 1 - 4 + 16 - 64 + 256, ndipo phiri ili lilibe kotsikira. Kusiyana kwake ndi kwa a Injiniya kukuoneka mu rikarensi momwemo. Kwawoko pansi panali n + 2 womakula, amene pamapeto pake amagonjetsa x aliyense. Kuno n wafafanizika, temu iliyonse ndi inzake kuchulukitsa ndi -x^2 basi, choncho zimatheka pokhapokha x ali pakati pa -1 ndi 1.

Mlendo_wa_usiku

Koma 1/(1 + x^2) alibe vuto pa x = 1. Girafu yake ndi yosalala paliponse, pansi sipakhala ziro. Sirizi ikuimiranji pamenepo? Kukanakhala 1/(1 - x) ndikanamvetsa.

Kadzidzi

Pansi pamakhala ziro, kungoti osati pa mzere umene mukuyang'anawo. 1 + x^2 = 0 pa x = i ndi x = -i, ndipo onse awiri ali pa mtunda wa 1 kuchokera pa 0. Pawa sirizi imakonveja m'kati mwa bwalo lozungulira pamene mwayambira, ndipo bwalolo limakula mpaka litagunda malo oyamba pamene fankishoni yaphulika, kaya malowo ali pa manambala enieni kaya a kompulekisi. Ubwino wake, pa maikweshoni a liniya ngati awa, mutha kudziwiratu musanawerengere kalikonse. Gawani ikweshoni kuti y' atsale yekha, muone pamene pansi pakhala ziro, muyeze mtunda kuchokera pa 0. Sirizi yanu ikonveja kufika pamenepo, nthawi zina kupitirira, koma osachepera. Pa y' = 2xy palibe chogawa nacho, n'chifukwa chake bwalo lake lilibe malire.

Mlendo_wa_usiku

Ndikumva mawuwo, koma mtima sunakhazikike. Ine ndikuphatikiza manambala enieni okhaokha. i akulowerera bwanji pa nkhani imene sanaitanidwe?

AgogoAChoko

Kusakhazikikako n'koyenera, ndipo sikutha ndi ndime imodzi. Mukadzafika pa kompulekisi analisisi mudzakumbukira funso lanuli. Pakadali pano yesani izi: mu sirizi ija ikani x = i, muone. x^2 akhala -1, matemu onse asanduka 1 + 1 + 1 + ... Makoefishenti ndi amodzi omwewo, kaya muikemo x weniweni kaya wa kompulekisi, ndipo kukonveja kumayendera kukula kwa x, osati mbali imene waloza.

Namzeze_07

Ndalemba zonse bwinobwino, a1 = 0 ndamuika pa mzere wakewake ndi kumuzunguliza. Ndiye ndinati ndiyese funso lotsatira ndekha, 2x y' = y. Ulendo uno mapawa akugwirizana okha, sipafunika kusuntha: 2n a_n = a_n, ndiye (2n - 1) a_n = 0. Zabwereranso zija! Onse ziro, ngakhale a0. Ndalakwitsanso?

Tsokonombwe

Ndisayankhe msanga, ndapsa kale kamodzi lero.

Bongololo

Mizere itatu: dy/y = dx/(2x), ln y = (1/2) ln x + C, y = C√x. Musandithokoze.

Kadzidzi

Simunalakwitse achemwali, ndipo ulendo uno a Bongololo atithandiza. Masamu akukuuzani zoona: pawa sirizi yokhayo yokwanira mu ikweshoni imeneyi ndi y = 0. √x sangalembedwe ngati a0 + a1 x + a2 x^2 + ..., chifukwa derivetivi yake pa 0 imaphulika, pomwe a1 amayenera kukhala derivetivi imeneyo. Gwiritsani ntchito muyeso uja: y' = y/(2x), pansi pakhala ziro pa x = 0 penipeni, pamene mwaimapo. Mtunda ndi ziro, ndiye palibe chimene mwalonjezedwa. Onaninso kuti (2n - 1) akanakhala ziro n akanaloledwa kukhala 1/2. Njira ya Frobenius, ya mu 1873, imayambira pomwepo: mumalemba y = x^r Σ a_n x^n, r n'kumusiya kuti ikweshoni imusankhe yokha.

Namzeze_07

Frobenius sitinafikepo. Ndiye funso limeneli analiika dala kuti tione zikukanika?

AgogoAChoko

Mwina, kapena akufuna sirizi yozungulira x = 1. Tawerenganinso funsolo, muone ngati sanalembe y(1) penapake.

Namzeze_07

Aaa, alembadi y(1) = 1, m'munsi mwake timalemba ting'onoting'ono. Ndiye ndiika t = x - 1, ikweshoni ikhala 2(1 + t) y' = y. Ndiyesa m'mawa, maso akulemera.